Kusiyanitsa Kulephera Kufotokoza M'mawu Akeake ndi Kuba Mwadala Pochonga Chimangirizo

Wochonga chimangirizo akapeza ndime yofanana kwambiri ndi zomwe zili m'buku lina, pamakhala mafunso awiri amene kawirikawiri amaphatikizidwa ngati kuti ndi limodzi. Funso loyamba ndi la zomwe zili papepala: kodi mawu ndi kamangidwe ka ziganizo za ndimeyi zayandikira motani ku gwero lake? Funso lachiwiri ndi la cholinga: kodi wophunzirayu anafuna kuti wowerenga akhulupirire kuti ntchitoyi ndi yake pomwe si yake? Loyambalo limayankhidwa mosavuta poika ndime ziwirizo pambali pa inzake, koma yankho lakelo silithandiza kwenikweni kuyankha lachiwiri. Ochonga ambiri amalakwitsa pamenepa, chifukwa amaganiza kuti kufanana kukachuluka ndiye kuti mlandu nawo wakula, pomwe nthawi zambiri zinthu zimakhala mosiyana: wophunzira wosadziwa ndiye amasiya mawu ambiri ofanana, ndipo wakuba wochenjera ndiye amasiya ochepa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Rebecca Moore Howard, mphunzitsi wa kalembedwe ku America, anafotokoza mchitidwe womwe anaufanizira ndi kusoka zigamba. Wophunzira amatenga chiganizo cha m'buku, amachotsako mawu ena, amasintha pang'ono kamangidwe kake, kenako amalowetsa mawu ofanana matanthauzo m'malo mwa ena amene analipo. Howard ananena kuti kalembedwe ka zigamba kotereka kawirikawiri si kuba, koma ndi chizindikiro chakuti wophunzira sanamvetse bwino zomwe akuwerenga, kapena kuti sanazolowere chiyankhulo cha phunzirolo, ndipo akutsamira pa ziganizo za wolemba chifukwa alibe zake zoti aimirepo. M'chaka cha 2003, Diane Pecorari anasindikiza kafukufuku wa zolemba za ophunzira 17 a madigiri apamwamba m'mayunivesite a ku Britain omwe ankalemba m'Chingerezi ngati chiyankhulo chachiwiri. Atayerekeza zolembazo ndi magwero ake, anapeza kuti zambiri zinali ndi ndime zotengedwa m'njira imene ikanatchedwa kuba, komabe pocheza ndi eni akewo sanapeze zizindikiro zoti ankafuna kunamiza aliyense. M'chaka chomwecho, bungwe la ku America la oyang'anira maphunziro a kalembedwe, lotchedwa Council of Writing Program Administrators, linatulutsa chikalata chosiyanitsa kuba mwadala ndi kugwiritsa ntchito magwero molakwika, ndipo linati wophunzira amene wayesa kutchula gwero koma walakwitsa katchulidwe kake sanabe. Zonsezi sizikutanthauza kuti kalembedwe ka zigamba n'kovomerezeka. Ndi ntchito yosakwanira ndipo iyenera kutaya malikisi, koma mankhwala ake ndi osiyana ndi a chinyengo.

Mfundo imene ine ndimaiona kuti ndi yodalirika koposa zonse ndi iyi: wochonga asafunse kuti wophunzira watenga zochuluka bwanji, koma afunse ngati wophunzirayo wasiya njira yofikira ku gwero ili yotsegula kapena waitseka. Munthu wosafuna kunamiza amakulozera komwe watenga, ngakhale amatero mosalongosoka. Munthu wofuna kunamiza amawononga nthawi yake pochotsa chilichonse chimene chingakufikitse kumeneko, ndipo ntchito yochotsayo imasiya zizindikiro zake.

Kuti izi zioneke bwino, tiyeni titenge chitsanzo chopeka. Ophunzira apatsidwa ntchito yolemba chimangirizo chofotokoza momwe kudula mitengo kumakhudzira nthaka ndi madzi, ndipo buku lina, patsamba 42, lili ndi ndime iyi:

"Mitengo ikadulidwa m'malo otsetsereka, madontho a mvula amagwera mwachindunji panthaka yopanda chophimba, amaphwanya zibuma zake n'kutseka timabowo tomwe madzi akanalowera. Chifukwa cha ichi madzi ochuluka amathamanga pamwamba m'malo molowa pansi, ndipo amakokolola dothi lapamwamba, lomwe ndi limene limasunga chonde chochuluka. Zotsatira zake zimaonekera patali ndi pamene panadulidwa mitengo: mitsinje imadzaza mchenga, ndipo akasupe amaphwa msanga m'chilimwe."

Wophunzira woyamba walemba motere: "Malinga ndi wolemba bukuli (tsamba 42), mitengo ikagwetsedwa m'malo otsetsereka, madontho a mvula amafikira mwachindunji panthaka yopanda chofunda, amaswa zibuma zake n'kutseka timabowo tomwe madzi akanadutsamo. Motero madzi ambiri amathamanga pamwamba m'malo molowa pansi, ndipo amakokolola dothi lapamwamba, lomwe limasunga chonde chochuluka." Dzina la wolemba ndi chaka zatchulidwa, ndipo bukulo lili pa mndandanda wa mabuku kumapeto kwa chimangirizo.

Ndime imeneyi ndi yoipa ndithu. Kamangidwe ka ziganizo zonse ziwiri ndi ka mwini buku, mfundo zikutsatana chimodzimodzi, ndipo chomwe wophunzirayu wachita n'kungosinthanitsa mawu angapo: "ikadulidwa" yasanduka "ikagwetsedwa", "chophimba" chasanduka "chofunda", "amaphwanya" yasanduka "amaswa". Mawu otsalawo ndi a mwini, koma sali m'mitengero, choncho wowerenga angaganize kuti mfundo ndi ya wolemba buku pomwe mawu ndi a wophunzira, zomwe si zoona. Komabe tiyang'ane zomwe wachita ndi gwero lake. Walitchula kumayambiriro kwenikweni kwa chiganizo, wapereka tsamba lolondola, ndipo aliyense wofuna kutsimikiza angatsegule tsamba 42 n'kuona kufananako m'mphindi imodzi. Munthu wofuna kubisa sangalembe nambala ya tsamba lomwe wabapo. Chinanso n'chakuti mawu amene wasintha ndi osavuta okhaokha, pomwe gawo lovuta, lofotokoza za zibuma ndi timabowo ta m'nthaka, walisiya pafupifupi momwe linalili. Ichi ndi chizindikiro chodziwika cha munthu amene akuopa kuti akasintha mawu a pamalo ovuta atanthauza zina, chifukwa iye mwini sanamvetse chimene chimachitika m'nthakamo.

Wophunzira wachiwiri walemba motere: "Nditaganizira mozama za vutoli, ndaona kuti kukokoloka kwa dothi lapamwamba, lomwe ndilo nkhokwe ya chonde, kumayamba ndi madzi othamanga pamwamba pa nthaka. Madziwa amalephera kulowa pansi chifukwa timipata ta m'nthaka timakhala titatsekeka ndi zibuma zomwe mvula yaphwanya pamalo opanda mitengo. N'zochititsa chidwi kuti zotsatira zake zimaonekera kutali, poti mchenga umadzaza m'mitsinje, akasupe nawo n'kuphwa chilimwe chisanafike pakati." Palibe gwero lomwe latchulidwa, ndipo bukulo silikupezeka pa mndandanda wa kumapeto, ngakhale mndandandawo uli ndi mabuku ena asanu ndi atatu olembedwa mwadongosolo labwino.

Tikangoyang'ana luso lofotokoza m'mawu ena, wachiwiriyu wapambana woyamba kutalitali. Watembenuza dongosolo la mfundo, wayamba ndi zotsatira n'kubwerera ku choyambitsa, ndipo palibe mawu ambiri otsatizana omwe akufanana ndi a m'buku. Koma wawonjezera chinthu chimodzi chimene m'buku mulibe, chomwe ndi mawu akuti "nditaganizira mozama" ndi "ndaona kuti". Mawu amenewa ntchito yake n'kuuza wowerenga kuti mfundoyi yachokera m'mutu mwa wolemba chimangirizo. Ndiponso mndandanda wake wa mabuku ukuonetsa kuti amadziwa bwino kutchula magwero, choncho kusowa kwa buku limodzi lokhali sikungafotokozedwe ndi umbuli.

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa ndime imodzi yokhayi singakhale umboni wokwanira. Momwe mvula imakokololera nthaka ndi nkhani yopezeka m'mabuku ambiri oyambira, ndipo wophunzira angathe kunena moona kuti anazimva m'kalasi kapena kuti ndi zodziwika kwa aliyense wa phunzirolo. Mfundo zodziwika kwa onse sizifuna kutchuliridwa gwero, ndipo anthu awiri ofotokoza chinthu chimodzi chachilengedwe angathe kufanana popanda wina kuona za mnzake. Chomwe wochonga ayenera kuchita n'kupitiriza kuwerenga buku lija kuchokera patsamba 42 kupita kutsogolo, chimangirizo chili pambali. Tiyerekeze kuti apeza kuti ndime zisanu zotsatira za chimangirizo zikutsata mutu wa bukulo mfundo ndi mfundo, kuti zitsanzo ziwiri zomwe wolemba buku anasankha ndi zomwezo zimene wophunzira wasankha, ndiponso kuti mwa mabuku asanu ndi atatu a pamndandanda aja, asanu ndi omwe mwini buku anatchula m'mutu womwewo, pa mfundo zomwezo. Pamenepo chithunzi chasintha. Wophunzirayu watenga kuwerenga kwa munthu wina n'kukuonetsa ngati kwake, ndipo wachotsa dzina limodzi lokha limene likanaulula zonse.

Umboni wamphamvu kwambiri pa mlandu wotere umakhala zolakwika zobwerekedwa. Ngati mwini buku analakwitsa chaka cha kafukufuku wina, kapena analemba molakwika dzina la wofufuza, ndipo cholakwika chomwecho chapezeka m'chimangirizo, n'zovuta kukhulupirira kuti wophunzirayo anawerenga yekha kafukufukuyo. Anthu awiri angafanane pa zolondola mwangozi, koma kufanana pa cholakwika chimodzimodzi kumafuna kufotokozedwa. Ngakhale pano pali malire ake, chifukwa ophunzira ambiri sadziwa kuti ngati wapeza mawu a munthu wina kudzera m'buku lachiwiri uyenera kunena kuti wawapeza kudzera m'bukulo. Kusiyana kwake n'kwakuti wosadziwayo amatchulabe buku lachiwirilo penapake, chifukwa alibe chifukwa cholibisira.

Nanga makina oyeza kufanana kwa zolemba, monga Turnitin, angathandize bwanji pa ophunzira awiriwa? Makinawa amayerekeza mawu a chimangirizo ndi zolemba zomwe zili m'nkhokwe yawo, n'kupereka peresenti ya mawu amene apezeka kwina. Ndime ya wophunzira woyamba ingapakidwe utoto pafupifupi yonse, pomwe ya wachiwiri ingadutse yoyera kapena ndi timawu tochepa. Wochonga wodalira nambala yokha angatumize woyamba kukomiti ya chilango n'kupatsa wachiwiri malikisi apamwamba. Eni makinawo amanena okha kuti peresenti imeneyi siyeza kuba, imangoonetsa kufanana. Nambalayo imakwera chifukwa cha mawu ogwidwa molondola m'mitengero, mndandanda wa mabuku, funso la chimangirizo ngati wophunzira walikopera pamwamba, ndiponso mawu a phunzirolo amene aliyense ayenera kuwagwiritsa ntchito. Palibe peresenti imene tinganene kuti pansi pake zonse zili bwino. Chimangirizo chingaonetse peresenti yaikulu yopangidwa ndi tizidutswa tambirimbiri ta apa ndi apo tosavulaza, china n'kuonetsa peresenti yaing'ono imene yonse ili pa ndime imodzi yokopedwa yathunthu, ndipo ndime imeneyo n'kukhala ndiyo mtima wa chimangirizo chonse. Phindu la lipoti la makina ndi lakuti limalozera wochonga malo oti atsegule gwero n'kuwerenga ndi maso ake.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kutanthauzira kwambiri, chifukwa sizingachitike mwangozi. Ena amalowetsa zilembo zoyera pakati pa mawu m'malo mwa mipata, kuti makina aone liwu limodzi lalitali losafanana ndi lililonse. Ena amasinthanitsa zilembo zina ndi za alifabeti ina zooneka chimodzimodzi, monga zilembo za Chirasha zofanana ndi a, e ndi o. Ena amaika ndime yonse ngati chithunzi kuti makina asaiwerenge. Wochonga angazipeze posankha mawu onse ndi Ctrl+A n'kuwasintha mtundu, kapena pokopera ndime yokayikitsayo mu pulogalamu yolembera yosakongoletsa mawu. Izi zikapezeka, funso la cholinga layankhidwa kale, popeza palibe amene amachita zotere chifukwa chosadziwa kufotokoza m'mawu ake. Chovutirapo ndi ndime yodzala ndi mawu ofanana matanthauzo osagwirizana ndi nkhani, monga pamene "dothi lapamwamba" lasanduka "dothi lolemekezeka". Kusintha kotereku kumachitika munthu akadutsitsa ndime m'pulogalamu yosinthanitsa mawu osawerenganso zotulukazo, komanso kumachitika kwa wophunzira wofooka m'chiyankhulo amene wakhala ndi mtanthauziramawu pambali. Chosiyanitsa ndi kuchuluka kwake ndi malo ake. Ngati zachitika apa ndi apo pafupi ndi gwero lotchulidwa, ndi kufooka. Ngati zachitika m'chiganizo chilichonse kwa masamba angapo, mpaka mawu okhazikika a phunzirolo amene wophunzira amawalemba bwino m'ndime zina asinthidwa, ndiye kuti ndimeyo inakonzedwa kuti isadziwike.

Kusintha kwadzidzidzi kwa kalembedwe, kumene ochonga ambiri amakudalira, ine ndimakuona ngati belu lochenjeza chabe. N'zoona kuti ndime yosalala yopezeka pakati pa ndime zopunduka imasonyeza kuti pali dzanja lina, koma siinena ngati dzanjalo lalowa mobisa kapena poyera. Wolemba wa zigamba amasinthanso kalembedwe mwadzidzidzi, mwinanso kuposa wakuba.

Milandu yambiri imene wochonga amakumana nayo siili kumapeto awiriwa. Tiyerekeze wophunzira wachitatu amene watchula buku lija kamodzi, kumapeto kwa ndime yoyamba, kenako walemba ndime zina zitatu zotsamira kwambiri pa masamba 43 ndi 44 osatchulanso kalikonse. Bukulo lili pamndandanda. Kodi ameneyu anaganiza kuti kutchula kamodzi kumakwanira chigawo chonse, kapena anatchula kamodziko dala kuti akagwidwa adzakhale ndi pothawira? Zonse ziwiri zimachitika, ndipo ndime zitatuzo pazokha sizingatiuze. Chothandiza n'kuona momwe wachitira ndi magwero ena m'chimangirizo chomwecho. Kusadziwa kumakhala kofanana paliponse: ngati amakhulupirira kuti kutchula kamodzi n'kokwanira, adzachita chimodzimodzi ndi buku lililonse, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Chinyengo chimasankha: mfundo zazing'ono zimatchuliridwa magwero mosamala chiganizo ndi chiganizo, koma pamene pali mfundo yaikulu, imene ikanabweretsa malikisi a kuganiza kwa wophunzira mwini, gwero limazimiririka. Wochonga adzifunse kuti kulakwitsaku kukupindulira ndani. Ngati kulakwitsa konse kukugwera mbali imodzi yokomera wophunzira, nkhani yakuti zinachitika mwangozi imayamba kufooka.

Malo a ndime yotengedwayo nawonso ali ndi tanthauzo. Zigamba zimachuluka m'zigawo zofotokoza matanthauzo a mawu, mbiri ya nkhani ndi zomwe ena analemba kale, chifukwa m'menemo ndi momwe wophunzira akulimbana ndi mawu a akatswiri. Kafukufuku wotchedwa Citation Project, yemwe Howard anatsogolera pamodzi ndi Sandra Jamieson, anaunika zolemba 174 za ophunzira a chaka choyamba m'makoleji ndi mayunivesite 16 a ku America, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka la mfundo zotengedwa m'magwero zinachokera patsamba loyamba la gwerolo. Izi zikusonyeza ophunzira amene amatola ziganizo m'malo mowerenga nkhani yonse, ndipo munthu wogwira chiganizo chimodzi alibe poyambira kuti achifotokoze mwatsopano. Koma ndime yotengedwa ikapezeka m'chigawo chimene chinafunsa maganizo a wophunzira, kapena m'mawu omaliza, itayamba ndi "ine ndikuona kuti", nkhani yake ndi ina, chifukwa pamenepo funso linafuna mwachindunji chinthu chimene ndi chake.

Pepala likafika pamalire a zomwe lingathe kunena, chotsala n'kukambirana ndi wophunzirayo. Kukambiranaku kuchitike motsata malamulo a sukulu, ndipo m'malo ambiri malamulowo amafuna kuti wophunzira adziwitsidwe pasadakhale cholinga cha msonkhano, kuti pakhale munthu wachitatu, ndiponso kuti zokambirana zilembedwe. Funso lakuti "kodi munakopera?" silithandiza, chifukwa wosalakwa ndi wolakwa yemwe onse amakana. Mafunso othandiza ndi ofunsa za kagwiridwe ka ntchito. Wochonga angaike ndimeyo patebulo n'kunena kuti, "Tandifotokozerani momwe munalembera ndime iyi, munali ndi chiyani patsogolo panu pamene munkalemba?" Wolemba wa zigamba kawirikawiri amayankha mosabisa, mwinanso modabwa kuti pali vuto: "Ndinali ndi buku lija, aphunzitsi, ndiye ndinasintha mawu monga munatiuzira kuti tisamakopere." Yankho limeneli likuulula zonse, kuti iye amaganiza kuti kufotokoza m'mawu ako ndiko kusinthanitsa mawu. Akafunsidwa kuti afotokoze pakamwa chifukwa chimene timabowo ta m'nthaka timatsekekera, amadodoma, ndipo kudodomako kukugwirizana ndi zomwe zili papepala. Wobisa uja akafunsidwa za mabuku asanu a pamndandanda wake, kuti anawapeza kuti ndipo mutu wa limodzi mwa iwo unkanena chiyani, amasowa chonena, kapena amapereka nkhani imene imasintha gwero lenileni likaikidwa patebulo.

Kudodoma pakokha si umboni wa chinyengo, ndipo izi ziyenera kunenedwa motsindika, chifukwa wophunzira wamantha angalephere kufotokoza zomwe analemba yekha milungu ingapo yapitayo. Chofunika n'kuona ngati nkhani yake ikugwirizana ndi zinthu zogwirika, monga zolemba zake zoyambirira, manotsi, ndi mbiri ya fayilo pamene pulogalamu yolembera imasunga mbiriyo. Chifukwa chimene chimaperekedwa kawirikawiri ndi chakuti wophunzira anakopera ndime m'manotsi ake osaika mitengero, ndipo patapita nthawi anaiwala kuti mawuwo si ake. Zimenezi zimachitikadi, ngakhale kwa olemba okhwima, ndipo zingathe kuyesedwa. Ngati manotsiwo alipo ndipo akuonetsa chisokonezo chomwecho, mawu a eni ndi a wophunzira atasakanikirana paliponse, chifukwacho n'chomveka pa chiganizo chimodzi kapena ndime imodzi. Sichingafotokoze masamba atatu otsata mutu wa buku mwandondomeko, ndiponso sichingafotokoze momwe mawu akuti "ndaona kuti" anafikira patsogolo pa mfundo ya munthu wina.

Zomwe wophunzira anaphunzitsidwa kale zimalowanso pamuyeso. Wa chaka choyamba amene akulemba chimangirizo chake choyamba chofuna magwero sangayezedwe mofanana ndi wa chaka chomaliza amene anachenjezedwapo kale pa vuto lomweli ndipo anaonetsedwa kakonzedwe kake. Ndime yofanana ndendende ingakhale kusadziwa kwa woyambayo ndi kusalabadira kwa winayo. Koma wochonga asalole kuti mbiri ya wophunzira, kapena momwe amamuonera m'kalasi, zilowe m'malo mwa umboni wa papepala. Wophunzira wodziwika kuti ndi wofooka akalemba ndime yabwino, chimenecho ndi chifukwa chofufuzira, osati chigamulo.

Palinso mfundo ya malamulo imene imasokoneza ambiri. Mayunivesite ena amatanthauzira kuba ntchito ya wina mosaganizira cholinga, kunena kuti kupereka mawu kapena maganizo a wina ngati ako ndi mlandu, kaya unachita dala kapena ayi. Pansi pa lamulo lotere, wophunzira woyamba uja nayenso walakwira lamulo. Komabe ngakhale m'malo otero cholinga chimabwereranso pa nthawi yosankha chilango, ndipo malamulo ambiri ali ndi gawo lapadera la kalembedwe kosalongosoka, lomwe limathera pa uphungu kapena kulembanso, losiyana ndi gawo la chinyengo, lomwe lingafike pa kulephera phunziro lonse kapena kuchotsedwa sukulu. Muyeso wa umboni m'makomiti ambiri si wa khoti la milandu ya upandu. Chimene chimafunika n'kuonetsa kuti, poyeza zonse, n'zothekera kwambiri kuti chinyengo chinachitika kusiyana ndi kuti sichinachitike. Wochonga sakakamizidwa kudziwa za mumtima mwa wophunzira, koma ayenera kutha kunena kuti ndi kafotokozedwe kati kamene kakugwirizana ndi zonse zomwe zapezeka.

Tikabwerera kwa ophunzira atatu aja, woyamba ayenera kutaya malikisi m'zigawo za kagwiritsidwe ntchito ka magwero ndi kamvetsedwe ka nkhani, chifukwa ndime yake sikuonetsa kuti wamvetsa. Ndemanga yomulembera ikhale yolunjika: ziganizo ziwirizo ziikidwe pambali pa za m'buku, mawu ofanana adulidwe mzere kunsi, ndipo auzidwe kuti ali ndi njira ziwiri, kugwira mawu a mwini ndendende n'kuwaika m'mitengero, kapena kutseka buku n'kufotokoza mfundoyo kuchokera m'mutu, kenako n'kutsegulanso bukulo kuti atsimikize kuti sanapotoze tanthauzo, gwero n'kulitchulabe. Kungolemba m'mphepete kuti "musamakopere" sikungamuthandize, chifukwa iye akukhulupirira kale kuti sanakopere. Wachitatu, ngati zapezeka kuti amachita chimodzimodzi ndi magwero onse ndipo pokambirana watchula bukulo yekha asanafunsidwe, agwere m'gulu lomwelo, koma vutolo lilembedwe m'kaundula wa dipatimenti ngati malamulo amalola, kuti likadzabwerezedwa wochonga wina asadzalione ngati loyamba.

Wachiwiri sayenera kuweruzidwa ndi wochonga yekha, ngakhale umboni utaoneka wokwanira, ndipo si bwino kungomudula malikisi mwakachetechete pofuna kupewa ntchito ya komiti, chifukwa kutero kumamulanga popanda kumupatsa mwayi wodziteteza, komanso kumabisa mlanduwo kwa amene adzamuchonge mtsogolo. Lipoti lopita kukomiti lilembe zooneka, osati zoganizira. M'malo molemba kuti wophunzirayu ndi wachinyengo, wochonga alembe kuti ndime 3 mpaka 8 za chimangirizo zikutsata masamba 42 mpaka 47 a buku lakutilakuti m'dongosolo lomwelo, kuti bukulo silinatchulidwe paliponse, kuti mabuku asanu mwa asanu ndi atatu a pamndandanda ndi omwe atchulidwa m'masamba amenewo, kuti chaka cholakwika cha patsamba 45 chabwerezedwa m'ndime 6, ndiponso kuti ndime 3 yayamba ndi mawu osonyeza kuti mfundoyo ndi ya wolemba chimangirizo. Pamodzi ndi lipotilo aphatikize zithunzi za masamba a bukulo, ndime zofananazo zitaikidwa manambala mbali zonse ziwiri, ndipo alembenso chilichonse chimene chikukomera wophunzirayo, monga kuti mfundo za m'ndime 3 zimapezekanso m'manotsi a m'kalasi, kuti komiti iyeze mlanduwo ili ndi mbali zonse.